Kapangidwe ka bolodi la zithunzi posankha maonekedwe a chinkhoswe

Chaka chilichonse mvula ikangosiya, zinkhoswe ndi maukwati nkuyamba kuchuluka, ndimalandira uthenga wofanana kuchokera kwa anthu osiyanasiyana. Munthu amanditumizira zithunzi 30 kapena 40 pa WhatsApp, kenaka nkulemba pansi pake kuti, "Ndikufuna zoterezi." Ndikazitsekula ndimapeza kuti china ndi tenti yoyera ya m'mphepete mwa nyanja, china ndi holo yamdima yodzaza nyali zagolide, china ndi mkwatibwi wa ku Nigeria atamanga duku lalikulu lonyezimira, ndipo palibe chimene chikugwirizana ndi chinzake. Ndafotokoza kambirimbiri kuti mulu wa zithunzi si chisankho, choncho ndaganiza zolemba njira yonse kamodzi.

Chimene tikupanga ife okongoletsa malo timachitcha mudibodi. Ndi pepala lolimba limodzi lomwe mumamatapo zithunzi zochepa, tizidutswa ta nsalu ndi timawu tochepa, kuti aliyense wokhudzidwa ndi mwambowo, kaya ndi telala, wophika keke, wobwereketsa tenti kapena azakhali a mkwati, aone chinthu chimodzi ndipo amve chimodzimodzi. Kufunika kwake kumaonekera pa mayina a mitundu. Mukauza anthu anayi kuti mwasankha chofiira, wina aganiza za phwetekere, wina za magazi, wina za njerwa yootcha, wina za maruni, ndipo onsewo sanalakwe, chifukwa mawu amodzi omwewo amanyamula mitundu yonseyi. Chidutswa cha nsalu chomatidwa papepala sichisiya mpata wa mtsutso woterewu. Ndigwiritsa ntchito chitsanzo cha chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, chomwe chinachitikira pabwalo la nyumba mu Okutobala, koma njira yake ndi yomweyo pa phwando la Khirisimasi kapena la kumaliza sukulu.

1. Lembani zinthu zimene sizingasinthe

Musanayang'ane chithunzi ngakhale chimodzi, tengani pepala mulembe malo a mwambo, mwezi, nthawi yoyambira, chiwerengero cha anthu ndi ndalama zimene mwapatula pa zokongoletsa. Lembaninso mitundu ya zinthu zimene muzipeza pamalopo ndipo simungazichotse: khoma, pansi, makatani a holo, mipando yobwereka. Pa chinkhoswe chathu tinalemba kuti bwalo ndi la dothi lofiira, mpanda ndi wa njerwa yosapaka, tenti ndi yoyera, mipando ndi yapulasitiki yoyera, anthu ndi pafupifupi 150, ndipo mwambo uyamba 1 koloko masana dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Mndandanda umenewu ndiwo udzakane zithunzi zambiri m'malo mwa inu. Nyali zing'onozing'ono zolendewera ndi makandulo sizioneka masana, nsalu yoyera yofika pansi imasanduka yofiirira anthu asanamalize kukhala, ndipo maluwa osakhwima amafota msanga pa kutentha kotere.

2. Sonkhanitsani zithunzi, koma mudziikire malire

Dzipatseni masiku atatu okha. Ngati mukugwiritsa ntchito magazini akale, makalendala kapena timabuku totsatsa malonda ta m'masitolo, dulani mbali yokhayo imene yakukokani maso, osati tsamba lonse. Musafune zithunzi za zinkhoswe zokha. Chithunzi cha chipinda chochezera, cha mbale ya zipatso kapena cha dengu chikhoza kukupatsani mitundu yogwirizana bwino kuposa chithunzi cha phwando la munthu wina.

Pa foni, tsekulani alubamu imodzi ndipo chithunzi chilichonse chimene mwachipeza pa Pinterest, pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp muchiike mmenemo nthawi yomweyo, mutachidula kuti patsale mbali imene mukuifuna. Anthu ambiri amasiya zithunzizo zitabalalika pakati pa zithunzi za ana ndi za kutchalitchi, ndipo tsiku lokumana ndi telala amatha theka la ola akuzisaka. Jambulaninso nokha malo a mwambo, pa ola lomwe mwambowo udzachitike, ndi katundu amene wobwereketsa ali naye m'nyumba yake yosungira. Zithunzi zimenezi sizikongola, koma nzofunika kuposa zonse zochokera pa intaneti. Mukafika pa zithunzi 40, imani.

3. Pa chithunzi chilichonse, tchulani chimene mwachikonda

Yalani zithunzi zonse pamphasa kapena patebulo. Za pa foni ndi bwino kuzisindikiza zing'onozing'ono, zisanu ndi chimodzi pa pepala limodzi la A4, chifukwa pa foni mumaona chimodzi pa nthawi imodzi ndipo simungazindikire kuti ziwiri zikulimbana. Kuseri kwa chilichonse lembani mawu amodzi kapena awiri onena chimene mwachikonda: mtundu, kamangidwe ka nsalu, kasokedwe ka diresi, kayalidwe ka tebulo. Kawirikawiri mudzapeza kuti chimene chinakukokani si zokongoletsa ayi, koma nyanja imene ili kumbuyo, kapinga wobiriwira, kuwala kwa dzuwa likamalowa kapena nkhope ya mkwatibwi. Zimenezo simungazibwereke kwa munthu, ndipo chithunzi choterocho chiikeni pambali.

4. Chotsani mpaka patsale zosapitirira 9

Apa ndi pamene ambiri amalephera, ndipo ndi pamene malangizo ambiri amangodutsa ngati kuti nkosavuta. Kusonkhanitsa kumasangalatsa, kuchotsa kumapweteka, chifukwa chithunzi chilichonse chimene chatsala pamphasapo mumachikonda ndithu. Musayambe ndi funso lakuti chokongola kwambiri ndi chiti. Yambani ndi kuunjika zithunzi zofanana pamodzi, osaganiza kwambiri, monga mmene mumasankhulira nyemba.

Mwana wa achemwali anga anabwera ndi zithunzi 43. Titachotsa za nyanja ndi za kapinga panatsala 31, ndipo zimenezi zinagawikana zokha m'milu itatu. Mulu woyamba unali wa zoyera ndi zagolide, zonyezimira, za m'mahotela. Wachiwiri unali wa zachikhalidwe: malichero, madengu, miphika yadothi, nsungwi, mitundu ya dothi ndi ya udzu wouma. Wachitatu unali wa pinki ndi pepo, mabaluni ndi maluwa ambiri. Iye ankafuna kutenga pang'ono pa mulu uliwonse, ndipo ndi mmene zimayambira zokongoletsa zija mumaziona nkusowa pogwira, za lichero lopachikidwa pakati pa mabaluni apinki pansi pa nsalu yagolide.

Sankhani mulu umodzi. Njira yake ndi kutenga pepala lija la zinthu zosasinthika ndi zithunzi za malo, nkuziika pafupi ndi mulu uliwonse, kenaka nkufunsa mafunso atatu. Loyamba: kodi maonekedwe amenewa akugwirizana ndi malowo, kapena afuna kuti tibise malowo? Zoyera ndi zagolide zikanafuna kuti tiphimbe mpanda wonse wa njerwa ndi kuyala kapeti pabwalo lonse, pomwe zachikhalidwe zinkaoneka ngati zamera pomwepo. Lachiwiri: kodi zinthu zake zikupezeka m'dera lathu lino, ndipo ndani ali nazo? Lachitatu: tikachepetsa zinthuzi ndi theka chifukwa cha ndalama, kodi zidzaonekabe bwino? Funso lachitatuli ndi limene anthu salifunsa. Maonekedwe odalira kuchuluka, monga khoma lonse la maluwa, akachepetsedwa amaoneka osauka, pomwe malichero asanu opachikidwa mwadongosolo amaoneka okwanira ngakhale pachithunzi panali 12.

Mukasankha muluwo, chotsaninso mkati mwake. Malo aliwonse a pamwambo apatseni chithunzi chimodzi chokha: pokhala akwati, tebulo la keke ndi mphatso, polowera alendo, zovala za akwati, yunifolomu ya achibale, ndi mipando kapena matebulo a alendo. Ngati muli ndi zithunzi zitatu za pokhala akwati, ndiye kuti simunasankhe, ndipo wokongoletsa adzasankha m'malo mwanu. Gwirani ziwiri, chimodzi ku dzanja lililonse, muike pansi chimene chagonja, kenaka chopambanacho muchiyerekeze ndi chachitatu. Pamwamba pa zisanu ndi chimodzizi mukhoza kuwonjezera ziwiri kapena zitatu zongoonetsa mtundu kapena kakhalidwe ka chinthu, monga kalukidwe ka mphasa.

Kuchokera ku milu imene mwaikana mukhoza kuloleza chinthu chimodzi chokha, ndipo chikhale chaching'ono. Mwana wa achemwali anga uja anapempha golide, ndipo tinamulola pa mikanda, pa nsapato ndi pa riboni ya keke basi. Zithunzi zokanidwazo musazisiye pafupi. Ziikeni mu envelopu, ndipo pa foni muzichotse mu alubamu ija, chifukwa zikakhala pamaso zimabwerera chimodzichimodzi mkati mwa sabata.

Mutatha izi, yesani kunena maonekedwe anu m'mawu osapitirira asanu. Athu anali akuti "zakumudzi, zadothi, zowala pang'ono." Ngati mukufunika chiganizo chachitali chokhala ndi "komanso" kawiri, bwererani pamphasa.

5. Pitani ku msika mukapeze nsalu yeniyeni

Pa chinkhoswe, chinthu chimene chimaoneka kwambiri si nsalu za pa tenti koma chitenje cha yunifolomu, chifukwa chimavalidwa ndi anthu ambiri ndipo chimayendayenda pabwalo ponse nthawi ya perekaniperekani. Pa chifukwa chimenechi mitundu yomaliza iyenera kuchokera pa chitenje chimene chilipodi pa msika, osati pa chithunzi. Kulakwitsa kofala ndi kulengeza mitundu m'gulu la achibale, kusindikiza makadi, kenaka nkuyamba kuzungulira msika wa zitenje ku Lilongwe, ku Limbe kapena ku Taifa ku Mzuzu kufunafuna nsalu imene kulibe.

Nyamulani zithunzi zanu zija, musankhe zitenje ziwiri kapena zitatu zoyandikira, ndipo chilichonse mupemphe kuchitulutsa panja. Pansi pa malata kapena pansi pa lona wabuluu wa m'misika nsalu imasintha mtundu, ndipo babu lachikasu limachititsa kirimu kuoneka ngati chikasu, maruni ngati bulauni. Musakhulupirirenso foni pa nkhani ya mtundu. Galasi la foni limapanga mtundu ndi kuwala, pomwe nsalu ndi pepala zimangobweza kuwala kumene zalandira, choncho mtundu wa pa foni umaoneka wowala kuposa mmene nsalu ingakhalire. Kamera nayo imadzikonzera yokha mitundu, mafoni awiri saonetsa chimodzimodzi, ndipo zithunzi zambiri za pa intaneti zinakonzedwa kale kuti zikongole.

Funsani wogulitsa kuti ali ndi nsalu yochuluka bwanji ya mtundu womwewo. Chitenje chimodzi chomanga m'chiuno chimakhala pafupifupi mamita 2, ndipo diresi kapena siketi ndi bulauzi zimafuna choposa pamenepo, choncho werengani anthu ovala yunifolomu musanalonjeze. Nsalu ya maluwa omwewo yobwera ulendo wina ikhoza kusiyana pang'ono mtundu, ndiye ndi bwino kugula yonse nthawi imodzi. Musanatero, gulani chitenje chimodzi, mudule kachidutswa, mukachape ndi sopo, mukaumitse padzuwa, nkukayerekeza ndi chosachapa. Ndinaphunzira izi mochedwa pa mwambo wina, pomwe amayi ena anachapa nsalu yawo asanapite nayo kwa telala ndipo ena sanachape, moti tsikulo panaoneka ngati pali mayunifolomu awiri.

6. Tulutsani mitundu itatu ndi kuipatsa malo

Yang'anani chitenje chimene mwasankha muli patali mapazi khumi, chifukwa alendo adzachiona chapatali. Mtundu umene ukuoneka pamenepo ndiwo mtundu wake weniweni, ngakhale pafupi chitakhala ndi mitundu isanu. Chathu pafupi chinali ndi olenji wodera, kirimu, chobiriwira chakuda ndi timizere takuda, koma patali chinkaoneka ngati njerwa yootcha.

Okongoletsa nyumba ali ndi kagawidwe kamene kamathandizanso pano: mtundu waukulu utenge magawo 60 pa 100 a zimene diso likuona, wachiwiri 30, wachitatu 10. Simuyeza ndi tepi, koma kagawidweka kamakuletsani kupatsa mitundu itatu mphamvu zofanana. Chenjezo lake ndi lakuti mtundu waukulu usakhale wa chitenje. Mukakongoletsa pokhala akwati ndi nsalu yofanana ndi zovala zawo, akwatiwo amasowa m'zithunzi, nkumaoneka mitu yokha. Ife tinapereka magawo 60 kwa kirimu, popeza tenti ndi mipando zinali kale zoyera ndipo mphasa ndi malichero zili pafupi ndi mtundu umenewo. Magawo 30 anapita kwa mtundu wa njerwa uja, pa yunifolomu, pa timizere ta nsalu ta pamatebulo ndi pa miphika yadothi. Magawo 10 otsala anali chobiriwira chakuda, chomwe tinachipeza pa masamba a mango othyola m'mawa womwewo. Golide uja sitinamuwerengere, chifukwa anali wochepa kwambiri.

Kuno kwathu mitundu ina ili ndi eni ake, ndipo ndi bwino kukumbukira zimenezi musanamate. Buluu wowala amakumbutsa anthu DPP, chikasu UDF, olenji wowala PP, ndipo chofiira ndi choyera pamodzi ena adzakufunsani ngati mkwati ndi wa Bullets. Sindikunena kuti mitunduyi njoletsedwa, koma ikakhala yokhayokha pa tenti yonse, makamaka chaka cha chisankho, alendo amayamba nthabwala zimene simunaziitane. Kuderako pang'ono kapena kuphatikiza ndi mtundu wina kumathetsa vutoli.

7. Matani bolodi

Tengani katoni yosalala kapena pepala la manila loyera, la kukula kwa A3, lomwe ndi mamilimita 297 m'lifupi ndi 420 m'litali. Pepala lamtundu limasokoneza maso, choncho lipeweni. Yalani zonse kaye popanda guluu. Pakati ikani chidutswa cha chitenje chachikulu ngati chikhatho, chodulidwa poti maluwa ake aoneke athunthu. Pansi pake ikani tizidutswa titatu ta mitundu ija, kukula kwake kutsatire kagawidwe kaja, kuti woona adziwe msanga mtundu wolamulira. Tizidutswati tikhale ta zinthu zenizeni: nsalu imene wokongoletsa adzapachike, riboni, ulusi, kapena timakadi ta mitundu ya penti topezeka m'masitolo a zomangira. Zithunzi zizungulire m'mbali, chithunzi cha malo enieni chikhale pakona yakumwamba, ndipo mawu aja onena maonekedwe anu alembedwe pamwamba penipeni.

Pansi pa chithunzi chilichonse lembani chimene mukutengapo ndi chimene simukutengapo. Pa chathu china tinalemba kuti, "Kapachikidwe ka malichero kokha, mtundu wa nsalu ayi." Mukapanda kulemba, wokongoletsa amakopera chithunzi chonse, pamodzi ndi pinki amene munamukana. Nsalu imatidwe ndi sitepula kapena isokedwe, chifukwa guluu wamadzi amalowerera nkuidetsa mtundu. Mukayala, chokanipo, mukagone, mudzamate m'mawa mwake mutaonanso.

Ngati mukufuna kupangira pa foni, Canva kapena chida chophatikizira zithunzi chimene chili kale m'mafoni ambiri chimakwanira, ndipo dongosolo lake ndi lomweli. Komabe tizidutswa ta nsalu tikhalepo m'manja, chifukwa bolodi la pa foni limaonetsa kayalidwe bwino koma silingadaliridwe pa mtundu.

8. Liyeseni pamalo, kenaka mulionetse kwa anthu ochepa

Pitani nalo kumalo a mwambo pa ola la mwambo, muliimike pa khoma, mubwerere m'mbuyo. Ife titaliimika pa mpanda tinaona kuti mtundu wa yunifolomu ukufanana kwambiri ndi njerwa, moti anthu oima pafupi ndi mpandawo akanazimirira. Sitinasinthe chitenje. Tinangoimika mphasa zinayi kumbuyo kwa akwati ndi kumene ankhoswe adzaime posinthana tambala ndi msoti, ndipo vutolo linatha. Ngati mwambo wanu udzapitirira mpaka madzulo, lioneninso pansi pa magetsi amene adzayatsidwe.

Oyamba kuliona akhale akwati awiriwo, kenaka munthu mmodzi wa kuchimuna ndi mmodzi wa kuchikazi amene mawu awo amamveka kubanja. Musaliponye m'gulu la anthu 60 ndi funso lakuti, "Mukuona bwanji?", chifukwa mudzalandira mayankho 60 ndi zithunzi zatsopano. Kwa akuluakulu funsani funso lolunjika, monga lakuti, "Amalume, kodi pali chimene chikusemphana ndi mwambo wa kwathu apa?" Ku komiti lipite ngati chinthu chogwirizana kale.

Pomaliza lijambuleni panja pamthunzi, osayatsa nyali ya kamera, ndipo potumiza pa WhatsApp musankhe Document m'malo mwa Gallery, kuti chithunzicho chisachepetsedwe ndipo timawu tanu tiwerengeke. Telala, wophika keke, wosindikiza makadi ndi wokongoletsa aliyense alandire m'manja envelopu yokhala ndi tizidutswa take ta nsalu, titalembedwa manambala 1, 2 ndi 3 mofanana ndi pa bolodi, kuti poimbirana foni muzingonena kuti riboni ikhale ya nambala 3. Bolodi lenilenilo likhale ndi munthu mmodzi amene adzafike pamalopo m'mawa wa tsikulo, aliimike pampando pafupi ndi opachika nsalu, ndipo alichotse alendo asanayambe kulowa.